Mphindi Imodzi Yopatsira Mlendo Bwalo

Funso: Bambo, ndine mphunzitsi wa ku pulaimale. Loweruka likubwerali tili ndi msonkhano wa makolo, ndipo taitana mayi wina, dokotala wa maso, kuti adzalankhule za maso a ana. Ahedi asankha ine kuti ndidzadziwitse mlendoyu kwa anthu, koma akuti ndisadutse mphindi imodzi. Adokotalawo anditumizira mbiri yawo ya masamba atatu. Ndayesa kuifupikitsa koma ikunditengerabe mphindi zinayi, ndipo ndikuopa kuti ndikadula zambiri aona ngati ndawapeputsa. Ndakutumizirani mbiriyo pamodzi ndi zomwe ndalemba. Ndisiye chiyani, nditenge chiyani?
Mphunzitsi wa sitandade 5

Yankho: Aphunzitsi, zomwe mwalemba ndawerenga mokweza, wotchi ili pambali, ndipo inenso zanditengera mphindi zinayi ndi masekondi angapo. Sizifupikitsika chifukwa mwayambira pa mbiri ya adokotala, ndipo mbiri ya munthu ukaiyamba imafuna uimalize. Mukachotsa sukulu imene anayambira mukuona ngati mwawalanda kanthu, mukachotsa mphotho ija mukuonanso chimodzimodzi. Ikani kaye masamba atatuwo pambali. Tiyambire kwina.

Ganizirani za kholo limene lidzakhale pa benchi yakumbuyo Lowerukalo. Lasiya ntchito zake, lamva kale za mayeso ndi za ana ojomba, ndipo tsopano likuuzidwa kuti pali mlendo. Mumtima likufunsa chinthu chimodzi chokha: kodi zimenezi zikundikhudza ine? Funso loti mlendoyu ndani limabwera pambuyo, munthu akavomera kale kuti nkhaniyo ndi yake. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ntchito ya mphindi yanuyo ndi kulimvetsa khololo kuti m'mimba mukupweteka ndi mwake, kenako kulisonyeza kuti amene waima apayu akudziwa mankhwala ake. Mukatero mwamaliza. Zina zonse adzanena okha adokotala.

Mwa zomwe mwalemba, chiganizo choyamba chikunena chaka chimene anabadwa, chachiwiri sukulu ya sekondale, ndipo mawu oti "maso a ana" akuyamba kumveka m'ndime yachitatu. Pofika pamenepo anthu adzakhala atayamba kale kuyang'ana mafoni. Choncho adokotala adzalandira bwalo lomwazika, ndipo mphindi zawo ziwiri zoyamba zidzathera kusonkhanitsa anthu amene inu munayenera kuwasonkhanitsira. Kupeputsa mlendo kwenikweni ndi kumeneku. M'zaka zomwe ndakhala ndikuyendetsa misonkhano sindinamvepo mlendo akudandaula kuti mbiri yake ndaifupikitsa, koma ndaona ambiri akugwetsa nkhope pansi pamene mbiri yawo ikuwerengedwa, akumva kuti chidwi cha anthu chikutha iwo asanatsegule n'komwe pakamwa.

Musanalembe china chilichonse, aimbireni foni adokotala. Mphindi zisanu zikwana, ndipo chitani lero kapena mawa, osati Loweruka m'mawa. Afunseni kuti makolo akamadzatuluka m'holomo akufuna adzapite ndi chiyani. Mudzamva kuti yankho lawo silifanana ndi mutu umene walembedwa pa pulogalamu. Pa pulogalamu palembedwa kuti "Maso a Ana", ndipo umenewu si mutu wokopa munthu. Pa foni akhoza kukuuzani kuti akufuna kholo lizitha kuzindikira mwana amene saona patali. Onani kusiyana kwake: mutu woyamba ndi dzina la nkhani, wachiwiri ndi lonjezo. Inu mudzanene lonjezolo.

Afunseninso mmene adzayambire. Funso limeneli anthu ambiri saliganizira, koma ndi limene limakutetezani ku cholakwa chopweteka kwambiri pa ntchitoyi, chomwe ndi kudya nkhani ya mlendo. Zinandichitikirapo ine. Pa msonkhano wina ndinadziwitsa bambo amene anapulumuka ngozi ya moto ndipo anabwera kudzalankhula za kapewedwe ka moto. Nkhani ya kupulumuka kwawo ndinali nditaimva, inandigwira mtima, ndipo ndinaifotokoza m'mawu anga oyamba. Anthu anakhudzidwa. Koma bamboyo anali atakonza kulankhula ngati katswiri wamba mpaka pakati, kenako n'kuulula kuti munthu amene akumufotokozayo ndi iwo omwe. Anaima pa maikolofoni kwa kanthawi osadziwa poyambira, ndipo analankhula tsiku limenelo ngati munthu amene walandidwa katundu pa njira. Ndinawapepesa, anandikhululukira, koma anthu aja sanamve zomwe anayenera kumva. Kuyambira pamenepo ndimafunsa mlendo aliyense kuti pali chiyani chimene sakufuna ndinene.

Chomaliza pa foniyo ndi dzina. Afunseni akutchulireni okha, mubwereze, akukonzeni, ndipo mulilembe monga likumvekera m'khutu mwanu, osati monga lalembedwera pa chikalata. Funsaninso kuti akufuna atchulidwe bwanji, dokotala, mayi, kapena zonse ziwiri, ndi dzina limodzi kapena awiri. Osangoganizira. Mbiri yolembedwa nthawi zina imakhala yakale, munthu anakwezedwa kale pa ntchito kapena anasamuka, ndiye tsimikizani kuti udindo umene mudzanene ndi umene ali nawo sabata ino.

Tsopano bwererani ku masamba atatu aja ndi cholembera, ndipo pa mzere uliwonse funsani kuti: kodi ichi chikupatsa kholo chifukwa chokhulupirira mayiyu pa nkhani ya maso a ana? Sitikufunsa ngati chinthucho n'chachikulu. Zambiri zili m'menemo n'zazikulu ndithu. Digiri yawo yoyamba ndi yaikulu, koma mawu oti "dokotala wa maso" aimeza kale. Misonkhano isanu ndi umodzi ya akatswiri imene anapitako imakhudza madokotala anzawo, osati makolo. Udindo wawo m'komiti ya bungwe la madokotala ukanakhala woyamba kutchulidwa mukanawadziwitsa kwa ophunzira za udokotala. Apa sugwira ntchito.

Mizere iwiri yokha ndi imene ndaichonga, ndipo umodzi mwa iwo inu munausiya chifukwa uli pansi penipeni pa tsamba lachitatu. Woyamba ndi woti akhala akuyeza maso a ana kwa zaka 14. Wachiwiri ndi woti chaka chatha anayendera masukulu 22 kukayeza ana. Wachiwiriwu ndiwo wamphamvu kuposa zonse, chifukwa ukuuza kholo kuti mayiyu sakungodziwa diso la m'buku, akudziwa kalasi, bolodi, ndi mwana wokhala kumbuyo. Nthawi zambiri zimatero: mfundo yoyenera anthu anu imakhala itabisala kumapeto, chifukwa mbiri ya ntchito imalembedwera olemba ntchito, osati omvera.

Ziwiri zikwana. Mukaonjeza yachitatu ndi yachinayi sizikweza mlendo, zimangosungunula ziwiri zoyambazo. Munthu womva ndi khutu sangabwerere kukaonanso monga amachitira wowerenga, ndiye akapatsidwa zinthu zisanu ndi ziwiri motsatizana amatuluka ndi chithunzi chimodzi chosaoneka bwino, choti mlendo ndi wophunzira. Akapatsidwa ziwiri amazigwira zonse.

Nachi chitsanzo cha zomwe mungadzanene. Pamene ndalemba Uje mudzaikepo dzina lawo.

"Makolo ndi aphunzitsi anzanga, pali ana amene timawakalipira kuti ndi aulesi, pomwe vuto lawo n'loti saona bwino pa bolodi. Mwana wotere sadandaula, chifukwa amayesa kuti aliyense amaona chimodzimodzi. Lero timva mmene kholo lingazindikirire vutoli kunyumba, ndi choti lichite. Mlendo wathu akhala akuyeza maso a ana kwa zaka 14, ndipo chaka chatha chokha anayendera masukulu 22. Alankhula kwa mphindi 20, kenako mufunsa mafunso. Tiyeni tiwalandire powaombera m'manja, Dokotala Uje."

Mawu amenewa ndi pafupifupi 70. Ndikawalankhula modekha, n'kumapuma pamene payenera kupuma, amanditengera masekondi 50 kapena kupitirira pang'ono. Malangizo ambiri a kalankhulidwe amene mungawapeze amanena kuti munthu amalankhula mawu 120 mpaka 150 pa mphindi, koma chiwerengero chimenecho ndi cha Chingerezi. Mawu athu ndi ataliatali. Liwu limodzi loti "lingazindikirire" lanyamula zomwe chinenero chinacho chinganene ndi mawu anayi kapena asanu. Mukalemba mawu 130 a Chichewa mukhulupirira kuti ndi mphindi imodzi, mudzapezeka mukuthamanga ngati wowerenga zotsatira za mpira, kapena mwafika mphindi ndi theka. Ine ndimadziikira malire a mawu 60 mpaka 75, ndipo ndimayeza ndi wotchi, chifukwa m'mutu munthu amawerenga msanga kuposa pakamwa. Musafune kudzaza masekondi onse 60. Pa tsikulo padzakhala mwana wolira, maikolofoni idzalira, wina adzalowa mochedwa, ndipo masekondi khumi amene mwasungawo adzapita pamenepo.

Tiyeni tione chifukwa chake ziganizozo zatsatizana chonchi. Dale Carnegie, mphunzitsi wa ku America wa kalankhulidwe ka pagulu amene anamwalira mu 1955, ankaphunzitsa kuti podziwitsa mlendo munthu anene zinthu zitatu motsatizana: mutu wa nkhani, kufunika kwake kwa omvera, kenako wolankhulayo, zonse mkati mwa mphindi imodzi. Zitatuzo ndikuvomereza. Ndimangosiyana naye pang'ono pa kasanjidwe, chifukwa pa msonkhano ngati wanu, umene anthu sanabwerere mlendoyo, ndimayamba ndi vuto mutu usanatchulidwe. Mukayamba ndi "lero timva za maso a ana", kholo limene mwana wake sanadandaulepo za maso limadzichotsa nthawi yomweyo n'kunena kuti izi ndi za ena. Mukayamba ndi mwana wokalipiridwa kuti ndi waulesi, pafupifupi kholo lililonse limakumbukira tsiku limene linakalipa. Likamamva mutu, limakhala litalowa kale.

Taonani kuti ndalemba "timawakalipira", osati "mumawakalipira". Inu ndinu mphunzitsi pamaso pa makolo, ndipo mukanena "mumawakalipira" mwayamba ndi kuimba anthu mlandu, mlendo n'kudzalandira bwalo la anthu okwiya. Mukanena "ti-" mwalowa nawo m'gulu, ndipo n'zoona, chifukwa aphunzitsinso amakalipa. Ngati muli ndi nkhani yanuyanu ya mwana wa m'kalasi mwanu amene anasintha atavala magalasi, mukhoza kuiika m'malo mwa chiganizo choyamba, bola ikwane m'chiganizo chimodzi ndipo mwanayo asadziwike kuti ndi uti. Makolo ake ali m'holomo.

Chiganizo chachiwiri, choti mwana sadandaula chifukwa amayesa kuti aliyense amaona chimodzimodzi, ndicho chokoma kwambiri m'ndimeyo, ndipo ndicho chimene muyenera kuwapempha adokotala chilolezo. Mwina ndi pamene iwo akufuna kuyambira. Akakuuzani choncho, chichotseni popanda kudandaula. Ndime imaimabe bwino popanda icho, ndipo mwapindula masekondi asanu ndi awiri.

Chiganizo cha mphindi 20 ndi mafunso chikuoneka chaching'ono koma chimagwira ntchito ziwiri. Anthu akadziwa kutalika kwa ulendo amakhala pansi mtima uli m'malo, ndipo akadziwa kuti nthawi ya mafunso ikubwera sadula mlendo pakati. Mlendo nayenso wamva pamaso pa anthu onse kuti nthawi yake ndi yotani, ndipo zimenezi zimamuthandiza kuisunga kuposa kapepala kamene mungamutumizire atadutsa kale.

Dzina lili kumapeto penipeni, ndipo ikani mtima pamenepa. Dzina la mlendo ndi chizindikiro chimene anthu amadikira kuti aombe m'manja, ndiponso chimene mlendo amadikira kuti aimirire. Mukalitchula koyambirira, ena amayamba kuomba, ena ayi, adokotala amadzuka pang'ono n'kukhalanso, ndipo pamene mukumaliza palibe amene akudziwa ngati mwamaliza. Mukalisunga mpaka liwu lomaliza, zonse zimachitika pamodzi: dzina, m'manja, kuimirira. N'chifukwa chake m'kati monsemo ndalemba "mlendo wathu". Ngakhale dzinalo lili pa pulogalamu ndipo aliyense akulidziwa, lisungenibe.

Pa 28 Ogasiti 1963, ku Washington, likulu la dziko la America, pamaso pa khamu la anthu pafupifupi 250,000, A. Philip Randolph, mtsogoleri wa bungwe la ogwira ntchito, anadziwitsa Martin Luther King, m'busa womenyera ufulu wa anthu akuda, ndi ziganizo zochepa chabe. Sanatchule sukulu zimene anaphunzira kapena mipingo imene anatumikira. Anamutcha mtsogoleri wa chikumbumtima cha dziko lawo, n'kumaliza ndi dzina. Panali poyenera kutero chifukwa khamulo linkamudziwa kale munthuyo ndipo linkadziwa chimene labwerera. Lamulo lake ndi limeneli: mlendo akakhala wodziwika kwambiri, mawu omudziwitsa amafupika. Adokotala anu makolo sakuwadziwa, ndiye masekondi 50 akufunika. Tsiku lina mukadzapatsidwa munthu amene aliyense akumudziwa, masekondi 15 adzakwana.

Koma musatengere chitsanzo chimenecho n'kuyamba kupatsa mlendo wanu mayina akuluakulu. M'zolemba zanu muli mawu oti "katswiri woposa onse" ndi oti "mudzasangalala kwambiri ndi kalankhulidwe kawo". Zonse ziwiri zichotseni. Choyamba simungachitsimikize, ndipo kholo lochenjera limayamba kukayikira. Chachiwiri chimasenzetsa mlendo katundu amene sanapemphe. Mukauza anthu kuti munthuyu ndi woseketsa, amakhala akudikira kuseka, ndipo nthabwala yake yoyamba ikapanda kugwira amaona ngati anamizidwa. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Zaka 14 ndi masukulu 22 zikutama adokotala kuposa liwu lililonse lotamanda, chifukwa zikusiyira omvera kuti adzinenere okha mumtima kuti uyu ndi katswiri, ndipo zomwe munthu wadzinenera yekha amazikhulupirira.

Chotsaninso ndime ija yoyamba ndi "ine sindine woyenera kuima pano". Ndikumva ulemu umene uli m'mawuwo, koma akutenga masekondi khumi ndi kutembenuzira maso a anthu kwa inu. Chimodzimodzi mawu oti "mlendo wathu safunika kumudziwitsa". Ngati safunika, mwaimiriranji? Ndipo musapepese m'malo mwa mlendo kapena m'malo mwa msonkhano. Kunena kuti "ndikudziwa mwatopa koma pirirani pang'ono" ndi kuuza anthu kuti zomwe zikubwerazo ndi zopirira.

Pali chinthu china chimene chimadya mphindi yonse munthu asanayambe: kutchula akuluakulu onse amene alipo mmodzimmodzi. Kambiranani ndi ahedi za ichi pasadakhale. Ngati iwo kapena wapampando adzakhala atawalonjera kale potsegula msonkhano, inu simuyenera kubwereza, ndipo "makolo ndi aphunzitsi anzanga" akwana. Ngati mwambo wa msonkhanowo ukufuna kuti aliyense woimirira ayambe walonjera wapampando, chitani m'mawu atatu kapena anayi. Koma ngati inu ndi amene mudzakhale woyamba kulankhula ndipo mndandanda wonse uli pa inu, auzeni ahedi kuti imeneyo ndi ntchito ina, yokhala ndi nthawi yakeyake. Lonjerani akuluakulu, pumani, kenako yambani mphindi ya mlendo ngati chinthu chatsopano. Mukazisakaniza, dzina la adokotala limangomveka ngati lachisanu ndi chinayi pa mndandanda.

Za kuloweza: musaloweze ndime yonse liwu ndi liwu, chifukwa mukaiwala liwu limodzi zonse zimagwa. Lowezani chiganizo choyamba ndi chomaliza. Zapakati zilembeni pa kapepala kolimba kokwana m'dzanja, ndi zilembo zazikulu: 14, 22, 20, ndi dzina monga limamvekera. Pepala lalikulu limanjenjemera dzanja likanjenjemera, ndipo anthu amaona. Foni nayo ndimailetsa, chifukwa imazima pa nthawi yolakwika ndipo imakokera nkhope pansi. Yesezani mokweza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, mutaimirira, ndipo kamodzi mwa maulendowo pakhale munthu wokumverani amene sakudziwa nkhaniyo. Mukamaliza mufunseni kuti mlendo adzanena za chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani tiyenera kumukhulupirira. Akayankha zonse ziwiri osaganiza nthawi yaitali, ndime yanu yapsa. Akayankha kuti "ndi dokotala wina wake", bwererani mukakonze.

Pa tsikulo fikani msanga muyese maikolofoni, muone pamene adokotala adzakhale ndi njira imene adzadutse pobwera kutsogolo. Ngati akhala kumbuyo kwa tebulo lalitali ndipo ayenera kudutsa anthu asanu kuti atuluke, m'manja mudzatha iwo asanafike, ndipo adzayenda mu zii wochititsa manyazi. Asunthireni kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi polankhulira. Ngati ali ndi zithunzi zoonetsa, zikhale zitayatsidwa inu musanaimirire. Mphindi yanu yabwino ikhoza kufera m'mphindi zitatu zofunafuna waya.

Mukaimirira, musayambe pomwepo. Imani, yang'anani anthu, dikirani phokoso litsike. Masekondi atatu amenewo adzakutalikirani kwambiri, koma anthu akaona munthu waima chete pa maikolofoni amatontholetsana okha. Mukayamba pakati pa phokoso, chiganizo chimene chimatayika ndi choyamba, chomwe chanyamula zonse.

Cholakwa chimene ndimachiona ngakhale kwa anthu ozolowera chimachitika pa liwu lomaliza. Munthu akafika pa dzina amatembenukira kwa mlendo mwaulemu, pakamwa n'kuchoka pa maikolofoni, ndipo dzinalo amalimva ndi mlendo yekha, amene akulidziwa kale. Nenani dzina mukuyang'ana makolo. Pumani pang'ono musanalinene, litchuleni momveka osatsitsa mawu, ndipo mukatseka pakamwa ndi pamene mutembenuke. Yambani ndinu kuomba m'manja. Anthu amatsatira woyamba. Ngati maikolofoni ili m'dzanja, ipanireni m'khwapa kapena itsitseni, kuti kuombako kusaphulike m'zokuzira mawu.

Musathawe pamalopo. Khalani mpaka adokotala afike, apatseni moni, apatseni maikolofoni ili yoyaka, kenako chokani mbali imene iwo sanadzere kuti musapingasane. Polankhulira pasakhale popanda munthu ngakhale kwa kanthawi, chifukwa anthu akaona pali pululu amayamba kucheza. Mukakhala pansi, khalani pamene anthu akukuonani ndipo mvetserani ndi nkhope yonse. Makolo adzakuyang'anani nthawi ndi nthawi, ndipo akakuonani mukusanthula mapepala a chinthu chotsatira adzadziwa kuti nanunso simukumvera.

Mudzadziwa bwanji kuti zayenda? Osayang'ana kukula kwa m'manja, chifukwa anthu amaombera aliyense. Yang'anani masekondi amene akutsatira m'manja mukatha. Ngati muli bata ndipo nkhope zaloza kutsogolo, mwagwira ntchito. Mverani chiganizo choyamba cha adokotala. Akayamba ndi kukonza zomwe mwanena, kapena ndi kuseka mwamanyazi kuti mwawatama mopitirira, pali pamene panalakwika. Akangoti zikomo n'kulowa m'nkhani yawo, kapena akatola mawu anu n'kunena kuti "mwana uja aphunzitsi anena", ndiye kuti mwawatsegulira khomo loyenera.

Zikhoza kuchitika kuti Loweruka m'mawa adokotala atumiza mnzawo m'malo mwawo. Musataye mtima, ndipo apa ndi pamene kasanjidwe kameneka kamaonetsa ubwino wake. Ziganizo zitatu zoyamba zikunena za makolo ndi ana awo, ndiye sizisintha. Chosintha ndi chiganizo chimodzi ndi dzina. Mutengereni pambali mlendo watsopanoyo kwa mphindi ziwiri, mufunseni kuti wagwira ntchito ya maso a ana kwa nthawi yotani ndi kuti, mumve dzina lake, mulembe pa kapepala kaja. Ngati anthu ankayembekeza wina, kusinthako anene ahedi koyambirira kwa msonkhano. Inu musadzaimirire n'kuyamba ndi "tinkayembekeza akutiakuti koma sanabwere", chifukwa mukatero mwauza anthu kuti amene waima apayu ndi wongogwirizira. Mudziwitseni ngati kuti ndi iye amene munamuitana kuyambira pachiyambi.

Za masamba atatu aja, pali njira yowapatsira ulemu popanda kuwawerenga. Pemphani kuti ndime yaifupi ya maphunziro ndi maudindo a adokotala isindikizidwe kuseri kwa pulogalamu kapena imatidwe pakhomo, kuti wofuna adziwerengere. Ndipo mukamaliza kulemba, aimbireninso foni, muwawerengere ndime yanu yonse monga mudzainenere, muwauze kuti mwapatsidwa mphindi imodzi ndipo mwasankha masukulu 22 chifukwa ndi zimene zidzafike makolo pamtima. Akafuna kuti muonjezepo chinthu chimodzi, afunseni kuti chilowe m'malo mwa chiti.